Kwa a Mwale: Kemisitiri ya Fomu 2B, Lachiwiri ndi Lachinayi

A Mwale,

Zikomo povomera kundigwirira kalasi sabata ino. Poti inu ndi a Jogalafe, zonse ndakonzeratu, zili m'katoni pansi pa tebulo langa. Makiyi a labu ali ndi a hedi.

Ana alipo 68, m'magulu asanu ndi atatu omwe akudziwana kale. Mutu ndi ma asidi ndi ma besi. Tanthauzo analemba sabata yatha, chatsala n'kuona ndi maso. Chonde musangowalembera manotsi pa bolodi. Ana amenewa alemba JCE, ndipo chimene anachita ndi manja awo sachiiwala.

Lachiwiri, mphindi 80. Yambani ndi funso: n'chifukwa chiyani amayi amathira chidulo kapena soda mu therere? Alekeni atsutsane mphindi zisanu, yankho musapereke.

Kenako gulu lililonse litenge makapu asanu: madzi a mandimu, viniga, madzi a pampopi, madzi a soda ndi chidulo. M'botolo lalikulu muli madzi ofiira a chidede chomwe ndinagula ku msika wa Kawale n'kuwiritsa. Ameneyo ndiye indiketa wathu, wosonyeza ndi mtundu ngati chinthu ndi asidi kapena besi. Athire supuni imodzi m'kapu iliyonse. Mu mandimu ndi viniga madzi afiira mowala, ndiye asidi. Mu chidulo asanduka obiriwira, ndiye besi. Soda ndi besi wofooka, mtundu wake ungothimbirira, musadabwe. Atsimikize ndi litimasi: pepala la buluu limafiira mu asidi, lofiira limasanduka buluu mu besi. Mapepalawa ndi ochepa, muziwang'amba pakati.

Pomaliza jambulani mzere wa pH kuyambira 0 mpaka 14. Pa 7 ndi pakati, pansi pa 7 ndi asidi, pamwamba ndi besi. Mandimu ali cha pa 2. Apa bwererani ku therere lija: chidulo ndi besi, chimafewetsa ndiwo msanga.

Wina asalawe kanthu, ngakhale mandimu. Kabati ya ma asidi enieni isatsegulidwe, ngakhale ana akuchonderereni.

Lachinayi, mphindi 40. Athire viniga pang'onopang'ono m'kapu ya chidulo yobiriwira ija mpaka kufiira kubwerere. Asidi ndi besi zikakumana zimathetsana mphamvu, pamatuluka mchere ndi madzi. Lembani chitsanzo ichi cha asidi wina, HCl, ndi besi wina, NaOH:

HCl + NaOH → NaCl + H₂O

Ntchito ya kunyumba: afotokoze chifukwa chimene mlimi amathira laimu m'munda wa dothi la asidi. Makope asonkhanitse Chisomo, ndidzachonga ndekha.

Tadala samva bwino khutu lakumanzere, akhale kutsogolo ndipo muzimuyang'ana polankhula. Gulu la pazenera limalongolola, koma mukalipatsa ntchito yogawa makapu limakhazikika. Funso likakuvutani, alilembe papepala, ndidzayankha Lolemba.

Ine,
Mayi Banda