Kalata yopempha kuti Chisomo aweruke msanga Lachitatu

Mufakose, Harare
Lolemba, 9 Juni 2025

Okondedwa Aphunzitsi, Mayi Banda,

Ndikupempha kuti mwana wanga Chisomo Phiri, wa m'kalasi mwanu ya Giredi 5, mumulole aweruke 10 koloko m'mawa mkuja, Lachitatu pa 11 Juni. Akukaonana ndi adokotala a ana ku Sally Mugabe Central Hospital, kuja tonse timangoti ku Gomo, ndipo anatiuza kuti tikafike 12 koloko isanakwane. Tsiku limenelo sabwereranso kusukulu. Lachinayi adzabwera monga mwa masiku onse.

Odzamutenga ndi azakhali ake, a Nachisale, osati ine. Lachitatu ndimakapikula matimati ku Mbare Musika mbandakucha, ndiye kuti ndibwerere kuno ku Mufakose kenaka ndiyambenso ulendo wa ku Southerton, nthawi ingatithere pamsewu. Ine ndikakumana nawo pageti la chipatala. Azakhali akewo mwina mukuwadziwa, ndi amene anabwera kudzatenga lipoti lake teremu yatha. Adzayamba afika ku ofesi, aonetse chitupa chawo ndi kusayina m'buku la ana otuluka. Wina aliyense akabwera n'kunena kuti ndamutuma, chonde musamupatse mwanayo, ngakhale Chisomo atanena kuti akumudziwa.

Vuto ndi mphumu ija. Chiyambire kuzizira kwa Juni uno sakugona bwino. Usiku wa Lachinayi lapitali ndinachezera naye pampando, atatsamira pachifuwa panga, mpweya ukulira ngati kaweruweru, mpaka tambala woyamba. Kutacha tinapita kukiliniki ya kwathu kuno, ndipo anesi ataona kuti mwezi umodzi wokha wabanika katatu, anatilembera kalata yotitumiza kuchipatala chachikulu kuti akaonenso ngati mankhwala amene akulandira akumukwanira. Tsikuli sindinasankhe ine. Ndinafunsa ngati zingatheke Loweruka, koma anati tsiku limene tapatsidwa ndi lomwelo.

Ndaona bwino kuti ayambe wabwera m'mawa m'malo mojomba tsiku lonse, chifukwa akuti Lachitatu mumayamba ndi masamu, ndipo kugawa kwa manambala aatali kukumusautsabe. Zimene anzake aphunzire iye atachoka, makamaka Chishona, mungomulembera masamba ake m'kope la homuweki. Pabenchi pachipatala pamakhala nthawi yambiri yongokhala, akalembera pomwepo. Ngati pali mayeso a mlungu uno amene agwera masana a tsikulo, ndipempha kuti adzalembe Lachinayi.

Pali zina ziwiri zoti mudziwe pamasiku awiriwa. M'kathumba kakutsogolo ka chikwama chake muli kapampu kake ka buluu, kopopera m'kamwa. Amadziwa kugwiritsa ntchito yekha, koma ndi wamanyazi, amalolera kubanika mwakachetechete kusiyana n'kuti anzake amuone akupopera. Mukaona wangoti zii, mapewa akukwera n'kutsika, kapena akulephera kumaliza mawu osapumira, mukhazikeni tsonga, osamugoneka, apopere. Akapanda kupezako bwino mundiimbire nthawi yomweyo. Nambala yanga ndi imene ili mkati mwa chikuto cha kope lake, sinasinthe.

Chinacho ndi juzi. Ndikudziwa kuti ya sukulu ndiyo yololedwa, koma ndamuveka ina yakuda mkati mwake chifukwa cha chisanu cha pamzere m'mawa. Musamukalipire, wolakwa ndine. Kusesa m'kalasi nakonso ayambe wapuma mlungu uno, fumbi ndi limene limamuyambitsa. Akhoza kumatolera makope kapena kugwira ntchito ina imene inu mungaone, asangokhala anzake akugwira.

Khadi la kuchipatala ndalijambulitsa, pepala lake ndalimata kuseri kwa kalatayi. Ndalembanso ina yaifupi m'Chingerezi yoti ipite kwa ahedi, kuti ikalowe m'faelo. Ino ndalemba m'chinenero chathu poti ndi mmene timalankhulirana tikakumana kutchalitchi, komanso nkhani ya mwana wodwala imandivuta kuifotokoza bwino m'chilankhulo cha eni. Dzulo ndinakufunafunani mapemphero atatha, koma munali mutatuluka kale.

Adokotala akatilembera kalata, Chisomo adzabwera nayo Lachinayi, ndipo ngati asintha mankhwala kapena kumuletsa zamasewero ndidzakuuzani. Mukawerenga, chonde sayinani pansipa mumupatse abwere nayo lero, kuti ndidziwe kuti yafika m'manja mwanu. Makalata ena amathera pansi pa chikwama pamodzi ndi makoko a malalanje.

Zikomo kwambiri chifukwa chotisamalira mwanayu.

Ine wanu,
Mayi a Chisomo