Chipereganyu cha Amalawi ku Mbare, mumzinda wa Harare: Zopereka za sabata ino

Moni nonse. Pamsonkhano wa Lamlungu, anthu 14 mwa 18 apereka madola 5 aliyense, ndiye talandira madola 70. Zobweza ngongole ndi madola 40. M'bokosi tsopano muli madola 385, tawerenga pamaso pa osunga makiyi atatu.

Otsalira ndi anayi. Mabuku nambala 4 ndi 11 atsalira sabata imodzi, madola 5 aliyense. Nambala 7, masabata awiri, koma anatumiza uthenga kuti ali kumaliro ku Dedza, choncho chindapusa palibe.

Nambala 15, bambo, masabata akwana atatu osaoneka, osalankhula. Madola 15 ndi chindapusa cha madola 3 zifike Lamlungu likudzali, apo ayi ngongole simutenga.

Chonde, ndalama zong'ambika musabweretsenso, kumsika akuzikana.

Ine mlembi wanu.