Pempho loti mundilembere pulani ya bizinesi ya kashopu

Mponela, Dowa
14 Okutobala 2024

Okondedwa Alamu,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi achemwali ndi ana. Ife kuno tili bwino, kupatula kutentha kwa mwezi uno. Ndalemba kalatayi pofuna kukupemphani kuti mundilembere pulani ya bizinesi ya kashopu kamene ndikufuna kudzatsegula ndikapuma pa ntchito ya uphunzitsi kumapeto kwa chaka chino. Ndabwera kwa inu chifukwa munagwira ntchito zaka zambiri ku bungwe lobwereketsa ndalama, ndipo mwaona mashopu ambiri akutsegulidwa ndi kutsekedwa.

Ndiyambe ndi kuvomera chimene chikukhumudwitseni mukamawerenga. M'kalata muno simupezamo katundu amene ndidzagulitse, malo amene shopuyo idzakhale, kuchuluka kwa mpamba, kapena anthu amene adzandigule. Ndikudziwa kuti ndikukhala ngati munthu wopita kwa telala kukasoketsa diresi asanagule nsalu, ndiponso akukana kuyezedwa. Koma sikuti ndikubisa kapena ndachita ulesi. Zinthu zinayi zimenezi n'zomangirirana, ndipo chilichonse chikudikira chinzake.

Za mpamba, ndikudalira ndalama zopumira pa ntchito. Mafomu ndinasayina kale, koma mpaka lero palibe amene wandiuza kuti ndidzalandira zingati ndiponso liti, ndipo anzanga ena amene anapuma m'mbuyomu anadikira miyezi yambiri. Ngakhale ndikanadziwa chiwerengerocho, sindikanachikhulupirira kwenikweni, chifukwa tonse tinaona zimene zinachitika mu Novembala 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, patangopita chaka ndi theka kuchokera pamene inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Munthu amene anawerengera makatoni khumi a sopo anakapeza ku holoselo kuti ndalama zake sizikukwananso. Za malo, nyumba imene tikukhalayi ndi ya sukulu ndipo tidzayenera kutulukamo. Ine ndi bambo a kunyumba sitinagwirizanebe ngati tibwerere kumudzi, tikhale pa tiredingi senta, kapena titsatire mwana wathu ku tauni. Sindikufuna kutchula malowa panopa, chifukwa ndikukudziwani Alamu, mudzasankha kumene kuli pafupi ndi inu. Katundu ndi makasitomala, zimenezo zidzatsatira malowo.

Chimene ndikupempha tsono ndi pulani yondithandiza kusankha zinthu zinayizi mwa dongosolo, kuti tsiku limene ndalama zidzalowe ku banki ndisadzayambe kufunsa aliyense wodutsa pamsewu. Mundiuze choyamba kusankhidwa ndi chiti. Ine ndimaganiza kuti ndi katundu, koma mphunzitsi mnzanga amene mkazi wake ali ndi golosale akuti munthu amayamba wakhala pa malowo masiku angapo, kuwerenga anthu odutsa, kuona zimene anyamula m'majumbo ndi zimene akukafuna kutali, ndipo kenako ndi pamene amadziwa chogulitsa. Ngati iye akunena zoona, mundilembere zimene ndikayang'ane ndi mafunso amene ndikafunse, kuphatikizapo kusiyana kwa tsiku la msika ndi masiku wamba.

Popeza mpamba sukudziwika, ndikupempha kuti musalembe ziwerengero za makwacha, koma mugawe ndalamayo m'magawo. Mundisonyeze kuti pa K100 iliyonse, ndi zingati zimene zipite kokapikula katundu, zingati ku lendi, mashelefu ndi loko wabwino, ndi zingati zimene ndisazikhudze konse mpaka shopu itayamba kudziyendetsa yokha. Mundiuzenso malire a pansi, kutanthauza mpamba wochepetsetsa umene munthu sayenera kutsegula nawo chitseko, kuti ngati zanga zidzachepere pamenepo ndidzayambe ndi benchi pakhonde m'malo mochita lendi.

Pali nkhani imodzi imene ndikufuna kuti muikhalire pansi kuposa zonse, ndiyo ya ngongole ndi ya pakhomo. Mukukumbukira kuti zaka zapitazo ndinkagulitsa shuga, mchere ndi mafuta ophikira oyeza m'timapepala pawindo la nyumba. Anthu ankagula ndithu, koma bizinesiyo inatha pasanathe chaka. Kope limene ndinkalembamo angongole ndikadali nalo m'sutikesi. Masamba ake ndi odzaza ndi mayina a aphunzitsi anzanga, akumpingo ndi achibale, aliyense ndi lonjezo lakuti adzapereka pakutha pa mwezi, ndipo mayina ofufutidwa ndi owerengeka. Chimene sindinalembe m'kopemo ndi shuga amene ndinkatapa ndekha m'mawa alendo akafika, ndi ndalama za m'kambale zimene ndinkatumira ana kukagula ndiwo. Pamene ndinapita kukaodanso katundu ndinapeza kuti ndadya mpamba ndi phindu lomwe. Choncho pulaniyo inene momveka ngati ndizikongoza kapena ayi, ndipo ngati ndizikongoza, ndani, mpaka ndalama zingati, ndi mawu amene ndingamuuze mlamu kapena mkulu wa mpingo osadana naye. Inenenso malipiro amene ndizidzipatsa pamwezi, kuti za m'shopu zisamalowe m'khitchini popanda kulipiridwa.

Mundiganizirenso za nyengo. Kuno kwathu ndalama zimaoneka anthu akayamba kugulitsa fodya, soya ndi mtedza kuyambira mwezi wa Epulo, koma mu Januwale ndi Febuluwale munthu amagula mchere ndi machesi basi, ndipo nthawi yomweyo ndi imene opempha ngongole amachuluka. Ku tauni ndikumva kuti malonda amayendera malipiro a pamwezi. Ndikufuna kudziwa mmene shopu ya mtundu uliwonse ingapulumukire miyezi yowuma, ndiponso ngati n'kwanzeru kudalira katundu wofuna firiji pamene magetsi amazimazima.

Za malamulo mungolemba mwachidule, motsatana: kulembetsa dzina la bizinesi kwa Registrar General, kutenga nambala yolipirira msonkho ya TPIN ku MRA, ndi laisensi ya ku khonsolo. Mundiuze zimene zili zofunika tsiku loyamba ndi zimene zingadikire. Muwonjezepo maganizo anu pa zolandira ndalama kudzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba, chifukwa masiku ano anthu ambiri amafika pa kauntala ndi foni m'manja. Za ngongole ya ku NEEF kapena ya ku banki m'khonde, mtima wanga sukufuna kuyamba ndi ndalama za eni, ndipo za katapila musatchule n'komwe, koma ngati mukuona kuti pali nthawi imene kubwereka kumathandiza, mulembe kuti ndi nthawi iti.

Pulaniyo ikhale m'Chichewa, ndipo isapitirire masamba asanu, kuti bambo a kunyumba athe kuiwerenga okha, popeza ndi amene azidzakhala m'shopu ine ndikapita kokapikula. Ngati n'kotheka ndiilandire isanathe Novembala, kuti pa tchuthi cha Khirisimasi ndidzayendere malo atatu aja nditanyamula mafunso anu. Sindikuyembekezera kuti mugwire ntchitoyi kwaulere, choncho mundiuze mtengo wake, ndipo mukakana ndalama monga mwa chizolowezi chanu, thumba la mtedza lidzafika ndithu. Ngati pali zina zimene simungathe kulemba musanandifunse, ndimakhala ndi mpata Loweruka masana, ndipo ndingathe kukwera minibasi kubwera ku Lilongwe kuti tidzakambirane pamasom'pamaso.

Mupereke moni kwa achemwali.

Ine mlamu wanu,
Nachisale