Tsiku lopereka mdadada wa sukulu ku Bangwe lasintha

Kwa: Onse ogwira ntchito ya ku Bangwe
Kuchokera kwa: E. Kamanga, woyang'anira ntchito
Tsiku: Lolemba, 6 Okutobala 2025

Anzanga nonse,

Mdadada wa zipinda ziwiri zophunzirira sitiuperekanso Lachisanu pa 31 Okutobala monga tinapanganirana. Tsiku latsopano ndi Lachisanu pa 21 Novembala. Eni ntchito avomera ndipo kalata yawo ili mu ofesi ku Ginnery Corner, choncho palibe chindapusa chimene tilipire. Koma anenetsa kuti sadzatiwonjezeranso ngakhale tsiku limodzi.

Chifukwa chake ndi malata. Amene anafika sabata yatha ndi a geji 30, pamene mgwirizano umanena a geji 28. Amene simunazolowere, nambala ikamakula lata limakhala lopyapyala, ndipo denga lotero pamtunda paja mphepo ingalisasule. Tawabweza, ndipo ogulitsa alonjeza kutipatsa oyenera pa 27 Okutobala.

Masabata atatuwa wina asawaone ngati tchuthi. Kuno mvula imatha kuyamba mu Novembala, ndipo ikatipeza nyumba ili yosafolera, pulasitala ndi fulo zonse tidzayambiranso. Tsiku loti aliyense alisunge m'mutu ndi Lachisanu pa 7 Novembala: pofika tsikuli denga likhale litatha. Ntchito tayitembenuza, zakunja zimene timati tidzamalizire ndizo tiyambe.

A Phiri, inu ndi amisiri anu musadikire denga. Kuyambira mawa kumbani ngalande kuzungulira mdadada wonse ndi kumanga khonde, ndipo madzi alunjike kumunsi, kutali ndi zimbudzi za ana. Malo aja ndi otsetsereka, madzi ochokera kuphiri amathamanga koopsa, ndipo ngalande yosaya siyithandiza kanthu. Simenti ya pakhonde izithiridwa madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, chifukwa ndi dzuwa la mwezi unoli ing'aluka tisanachoke n'komwe. Pulasitala wam'kati ndi fulo zidikire mpaka malata atakhomedwa. Aganyu 12 aja tsalani nawo 6 okha mpaka pa 27. Enawo muwauze lero lomwe, pamaso, ndipo alandire zawo zonse Lachisanu lino. Tidzawaitananso malata akafika.

A Mbewe, matirasi mukweze pakati pa 20 ndi 24 Okutobala, osati sabata ino. Akakhala nthawi yaitali pamwamba osafoleredwa amapindika. Pakadali pano mapulanga apakidwe mankhwala a chiswe n'kusanjidwa pamthunzi. Ndikudziwa kuti munali ndi ntchito ina ku Chilomoni kumayambiriro a Novembala. Pepani, kambiranani nawo eni ake akudikireni mpaka pa 10.

Mayi Chirwa, katundu wamkulu wagwera inu. Malatawo mukawaone nokha ku Limbe asanakwezedwe mu lole, muyeze geji ndi kutalika kwake, ndipo musasayinire chilichonse musanakhutire. Matumba 60 a simenti amene timati tigule sabata ino, gulani 25 okha. Otsalawo mudzagule pa 3 Novembala, kuopa kuti angaumire mu sitolo. Penti ndi magalasi zisabwere pamalopo denga lisanathe.

A Gondwe, lole ikhale yokonzeka pa 27 m'mamawa. Dizilo muthiriretu Lachisanu pa 24, tisadzayambe kuzungulira tauni tsiku lonyamula katundu.

Achimwene Yamikani, kupenta kuyambe pa 14 Novembala pulasitala atauma, ndipo muli ndi masiku asanu okha. Pezani mnzanu mmodzi wokuthandizani, dzina lake mundipatse pofika pa 31.

Achemwali Tadala, mlonda timuwonjezere masabata atatu pa kontirakiti yake, ndipo mundiwerengere ndalama zimene kuchedwaku kutidyere, ndizione Lachinayi. Invoisi yomaliza ipite pa 24 Novembala. Tchuthi chanu cha pa 3 Novembala sichikusintha. Musanapite mungosiya malipiro a aganyu atakonzedwa.

Malipiro a pamwezi a aliyense sasintha. Lachitatu pa 15 Okutobala ndi Tsiku la Anakubala, sitigwira ntchito, kupatula mmodzi wothirira khonde amene a Phiri asankhe. Loweruka la pa 1 ndi la pa 8 Novembala tidzagwira mpaka 1 koloko masana, ndipo ovataimu idzalipidwa.

Aphunzitsi aakulu ndakambirana nawo kale. Ana a Sitandade 2 apitiriza kuphunzirira pansi pa mtengo kwa masabata ena atatu, ndipo makolo adzakufunsani mukamadutsa. Auzeni tsiku la 21 Novembala basi, zina zonse muwatumize kwa ine.

Tikumane pamalo a ntchito mawa 7 koloko m'mawa. Amene akuona kuti tsiku lake silitheka anene mawa lomwelo, tikonze pamodzi.

Zikomo,
E. Kamanga