Sikiriputi ya vidiyo ya nyimbo ya "Ndisiyireni Nyali"

Ipite kwa woimba wathu, wojambula, wa magetsi, wa zovala ndi edita. Aliyense aiwerenge nyimbo ili m'makutu, chifukwa manambala ali m'munsiwa ndawatenga pa nyimbo yomaliza imene yachoka ku situdiyo. Ngati pulodyusa angawonjezere baa ngakhale imodzi, mundiuze msanga, pakuti zonse zisuntha.

Nyimboyi ikugunda ka 100 pa mphindi, ndipo baa iliyonse ili ndi kugunda kunayi. Kugunda kumodzi ndi masekondi 0.6, baa ndi masekondi 2.4. Tikujambula mafuremu 25 pa sekondi, choncho kugunda kumodzi ndi mafuremu 15 ndendende, baa ndi mafuremu 60. Mabaa onse alipo 80, nyimbo yonse ndi 3:12.

Nkhani yake ndi yaifupi. Mtsikana, yemwe gawo lake akusewera woimba wathu, wayambana ndi amayi ake, wachoka pakhomo usiku, moyo wamukanika kumene wapitako, akubwerera. Lamulo la vidiyo yonse ndi ili: malo amasintha pokhapokha chigawo cha nyimbo chikasintha. M'mavesi nkhani ikuyenda, ndipo vesi lililonse lili ndi malo ake. Kolasi ili ndi malo amodzi okha, pakhonde la nyumba ya amayi, ndipo kamera iima pamodzimodzi katatu konse. Chimene chizisintha m'kolasi ndi chitseko.

POYAMBIRA, 0:00 mpaka 0:09.6 (mabaa 4, gitala yekha)

Shoti imodzi, osadula. Pafupi kwambiri: manja a amayi akuvula galasi la nyali, akuyatsa machesi, akukweza chingwe pang'ono. Nkhope yawo isaoneke. Lawi ligwire pa baa yachitatu. Dzina la nyimbo lilembedwe pansi kumanzere, tizilembo tating'ono, ndipo lichoke mawu asanayambe.

VESI LOYAMBA, 0:09.6 mpaka 0:48.0 (mabaa 16)

Malo: m'nyumba ya amayi, kuyambira m'chipinda cha mtsikana, usiku. Kuwala kwachikasu, kochokera mbali imodzi. Apa woimba sakuyang'ana kamera, milomo yake siyenda. Akuchita sewero basi, mawu akumveka ngati maganizo ake. Mizere ilipo inayi, uliwonse mabaa anayi, choncho mashoti akhale anayi, tizidula pomwe mzere watsopano ukuyamba.

0:09.6, "Ndinatseka chitseko mawu ali m'kamwa." Shoti yapatali kuchokera pakhomo la chipinda. Chikwama chili chotsegula pabedi, iye akuponyamo zovala osapinda.

0:19.2, "Munati ndipepese, ine ndinati mawa." Pafupi. Watenga chithunzi cha iye ndi amayi pakhoma, akuchiyang'ana, kenako akuchibwezera chozondoka. Wa zovala, bulauzi yofiira ija ikhale itavalidwa kale pano.

0:28.8, "Nsapato m'manja kuti musandimve." Kamera pansi penipeni. Mapazi opanda nsapato akudutsa pakhomo la chipinda cha amayi. Pansi pa chitseko chawo pakuoneka kamzere ka kuwala, kusonyeza kuti sanagone.

0:38.4, "Koma ndinamva mukutsokomola mumdima." Wafika pachitseko chakunja, dzanja lili pa chogwirira, waima. Aime mabaa awiri athunthu. Ndikudziwa kuti masekondi pafupifupi asanu munthu ataima chilili amaoneka ambiri pa vidiyo ya nyimbo, koma edita musawadule, ndi amene akupatsa kolasi mphamvu. Kenako atuluke, kuchoka kumanzere kupita kumanja kwa chithunzi.

KOLASI YOYAMBA, 0:48.0 mpaka 1:07.2 (mabaa 8)

Edita, apa mutchere khutu. Ng'oma zikulowa pa 0:48.0, koma woimba akuyamba mawu akuti "Ndisiyireni" kugunda kumodzi baa isanayambe, pa 0:47.4. Tidule pa mawuwo, mafuremu 15 ng'oma zisanalowe. Tikadikira ng'oma, wowonera amva kolasi itayamba pomwe maso ake akadali m'nyumba, ndipo chithunzi chioneka ngati chachedwa. Chimodzimodzi kolasi zinazo: 1:45.0 ndi 2:23.4.

Malo: pakhonde, usiku, kuwala kobiriwira ngati kwa mwezi. Shoti yapatali, kamera pa miyendo yake, yosasuntha. Chitseko chili pakati, chotsekedwa. Nyali ili pawindo kumanzere, mkati. Woimba waima kutsogolo kwa chitseko, chikwama pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba akuyang'ana kamera n'kuimba: "Ndisiyireni nyali, amayi, ndisiyireni nyali, njira ndaiwala koma khomo ndikulidziwa."

Mabaa anayi oyamba tikhale pa shoti yapatali. Anayi otsalawo tisinthane ndi yapafupi ya nkhope, baa iliyonse kudula kamodzi. Pasapezeke wovina aliyense. Pamsonkhano paja panatuluka maganizo oti kolasi ikhale ndi gulu la ovina kumbuyo. Ndawakana, osati chifukwa cha ndalama ayi, koma munthu amene wangothawa pakhomo sakhala ndi anthu khumi omuvinira kumsana.

VESI LACHIWIRI, 1:07.2 mpaka 1:45.6 (mabaa 16)

Malo: chipinda cha lendi, kutali. Matiresi pansi, babu imodzi yoyera yolendewera, khoma lopanda kanthu. Kamera ichoke pa miyendo, inyamulidwe pamanja, izigwedezeka pang'ono. M'vesi lino besi ndi ng'oma sizikusiya, choncho mashoti achuluke: asanu ndi atatu, iliyonse mabaa awiri, masekondi 4.8. Malo ndi amodzi, koma masiku akupita.

1:07.2, akulowa ndi chikwama, akuyatsa babu. 1:12.0, m'mawa, akusita bulauzi yofiira ija. 1:16.8, akulowa madzulo atanyowa ndi mvula, envelopu ya makalata ofunsira ntchito ili m'manja. 1:21.6, akuwerenga ndalama zachitsulo pamatiresi.

Pa 1:26.4 mzere ukuti, "Nambala yanu ndimaidziwa pamtima." Foni ili m'dzanja, pafupi kwambiri. Chala chikulemba manambala, chikufufuta. Manambalawo asawerengeke, lenzi ilunjike pa chala. 1:31.2, nkhope yake, kuwala kwa foni kukuzima. 1:36.0, wina wagogoda, pepala lalowa pansi pa chitseko, iye sakulitola. 1:40.8, babu ikuphethira, yazima. Chithunzi chide bii kwa kugunda kuwiri kolasi isanalowe. Wa magetsi, babuyo muilumikize ku swichi yapadera kuti tiizimitse powerenga, tisadalire mwayi.

KOLASI YACHIWIRI, 1:45.6 mpaka 2:04.8 (mabaa 8)

Khonde lomwe lija, shoti yomweyo, lenzi yomweyo. Koma woimba palibe. Mawu ake akumveka, pomwe anaima paja pali pululu. Pa baa yachitatu chitseko chikutseguka pang'ono. Amayi akutuluka ndi nyali, akuiika pansi pakhonde, akuyang'ana kumanja kumene mwana wawo analowera, akubwerera mkati osatseka. Apa m'pamene tikuona nkhope yawo koyamba.

Izi zitheka pokhapokha kamera ikapanda kusuntha pakati pa kolasi zitatuzi. Wojambula, mumate tepi pansi pomwe paima miyendo itatu ya kamera, mulembe kutalika kwake ndi lenzi papepala, ndipo aliyense wofuna kudutsa azizungulira kumbuyo.

Achemwali oimba, ndikudziwa kuti kusowa m'kolasi yanu yomwe sikukukondweretsani. Tijambula ina muli pomwepo kuti tikhale nayo. Koma muyambe mwaona yopanda inuyo musanaweruze.

BURIJI, 2:04.8 mpaka 2:24.0 (mabaa 8, ng'oma zasiya, kwatsala piyano ndi mawu)

Malo: mumsewu, m'bandakucha. Woimba akuyenda wapansi ndi chikwama, nsapato zili m'manja ngati m'vesi loyamba. Aziyenda kuchoka kumanja kupita kumanzere. Potuluka analowera kumanja, ndiye akalowera kumanzere wowonera adziwa yekha kuti akubwerera, popanda chikwangwani kapena mawu. Kamera isawoloke msewu, ikawoloka mbali zitembenuka.

Chigawo chino chokha ndicho chiyende pang'onopang'ono, ndipo akuimba. Tijambula mafuremu 50 pa sekondi, edita adzawabweze pa 25. Kuti milomo idzagwirizane ndi mawu, nyimbo pa sipika iyenera kuthamanga kuwirikiza kawiri, ndiye kuti masekondi 19.2 adzaimbidwa m'masekondi 9.6. Fayilo yake ndi buriji_x2.wav, ili kale m'foni ya woimba. Achemwali, muiyeserere kunyumba. Imamveka moseketsa, mawu ngati a kamwana, ndipo sitikhala ndi nthawi yodikira kuti kuseka kuthe dzuwa likutuluka.

Mashoti awiri okha: mabaa anayi ali patali, anayi otsalawo nkhope.

KOLASI YOMALIZA, 2:24.0 mpaka 3:02.4 (mabaa 16, yobwerezedwa kawiri)

Khonde, shoti ija, koma kwacha. Chitseko chili pululu. Nyali ikadali pansi, ikuyakabe ngakhale kwayera, galasi lake lada ndi mwaye. Wa zipangizo, pakhale magalasi awiri, loyera ndi lodetsedwa kale.

Mabaa 8 oyamba: woimba akulowa m'chithunzi kuchokera kumanja, akuima pomwe anaima m'kolasi yoyamba, akuimba atayang'ana chitseko, msana uli ku kamera. Tizidula baa iliyonse, pakati pa iye pakhonde ndi tizidutswa ta m'mbuyo: chithunzi chozondoka, chala pa foni, mapazi pansi. Aka ndi kokha kamene ndikulola kuti malo asakanikirane mkati mwa chigawo.

Pa 2:43.2 mawu a oimba othandizira akulowa, ndipo amayi akutulukira pakhomo. Apa kamera isunthe kwa nthawi yoyamba pakhondepo, iyandikire pang'onopang'ono mabaa 8 onse osadula. Asakumbatirane. Amayi ayang'ane mapazi a mwana wawo, awerame, atenge chikwama, alowe nacho.

POTHERA, 3:02.4 mpaka 3:12.0 (mabaa 4, gitala yekha)

Woimba akuwerama, akuzima nyali, akuinyamula, akulowa. Gitala akulira komaliza pa 3:09.6, chithunzi chide pamenepo. Mayina a ogwira ntchito sitiika pa vidiyo, alembedwa pansi pake poitulutsa.

NDONDOMEKO YA KUJAMBULA

Sitijambula motsatira nyimbo. Tsiku loyamba masana tichita vesi lachiwiri, mawindo titawatchinga ndi nsalu zakuda. Shoti ya mvula ikhale yomaliza, chifukwa tsitsi likanyowa ndiye kuti tathana nalo. Kukangoda tipita kunyumba ija kukachita poyambira, vesi loyamba, kenako kolasi yoyamba ndi yachiwiri. Kamera yapakhonde ichotsedwe pa miyendo yake kukatchaja mabatire, koma miyendoyo igone pomwepo ndi mlonda.

Tsiku lachiwiri tonse tikhale titafika kukadali mdima. Tiyamba ndi buriji mumsewu wapafupi ndi nyumbayo kuwala kukangoyamba, kenako tithamangira pakhonde: choyamba shoti yosasuntha ya kolasi yomaliza, pambuyo pake ija yoyandikira, chifukwa tikangoikapo njanji za kamera tepi ija ichoka. Chigawo chilichonse choimbidwa tichijambule kuyambira mabaa awiri chisanayambe, ndipo wothandizira aombe m'manja kutsogolo kwa kamera sipika isanalire, kuti edita asavutike kulumikiza mawu ndi chithunzi. Amayi osewera gawo la mayi adzatengedwe ndi galimoto yoyamba, ndipo wa zovala abweretse bulauzi zofiira ziwiri zofanana.