Kukonza funso 4: limiti ya sin x / x pamene x akupita ku ∞

Kwa nonse a kalasi yathu ya Loweruka pa Dedza boma,

Ndamaliza kuchonga mapepala anu usiku wathawu. Mwa anthu 23 amene munalemba, 17 mwayankha kuti 1 pa funso 4. Ndikudziwa kumene mwamutenga 1 ameneyu. Munangoona sin x / x, mutu n'kuthamangira ku limiti yotchuka ija, osayang'ana n'komwe zimene zalembedwa pansi pa lim. Pamenepo panalembedwa x → ∞, osati x → 0. Yankho lolondola ndi 0.

Tiyambe ndi nambala yapamwamba. Kaya x akule bwanji, sin x sadutsa 1 ndipo satsika kupitirira −1. Amangopita n'kubwerera pakati pa ziwirizi. Tsono taganizani kuti muli ndi ndowa imodzi yokha ya mbatata ya kachewere yochokera ku Bembeke. Mukagawana anthu awiri, aliyense apita ndi theka. Anthu 100, mwina kambatata kamodzi aliyense. Mukaitana boma lonse la Dedza, palibe angalawe ngakhale khungu. Pamene sin x ali ndi mayinasi, muone ngati ndi ngongole ya ndowa imodzi: mukaigawana anthu ambirimbiri, nayonso sikhala kanthu.

Pa mayeso nkhani ya mbatata sikupatsani malikisi. Muzilemba chonchi. Ngati x > 0,

−1 ≤ sin x ≤ 1

Gawani monse ndi x. Zizindikiro sizitembenuka chifukwa x ndi woposa ziro:

−1/x ≤ sin x / x ≤ 1/x

Pamene x → ∞, 1/x akupita ku 0, ndipo −1/x akupitanso ku 0. Wapakatiyo alibe kothawira. Zili ngati anthu atatu pa njinga yamoto ya kabaza: woyendetsa ndi wakumbuyo akafika pa Lizulu, wopanikizidwa pakati uja wafikanso pa Lizulu. M'mabuku mwanu lamuloli mulipeza pa mutu wa Squeeze Theorem. Mizere itatu imeneyi ndi yokwanira.

Amene muli ndi kalikuleta, iikeni pa RAD muyese nokha. x akakhala 10, sin x ndi pafupifupi −0.544, mukagawa mupeza −0.0544. Pa 100 mupeza pafupifupi −0.0051. Pa 1000 mupeza 0.00083. Onani kuti chizindikiro chikusinthasintha. Galafu yake siyandikira ziro kuchokera mbali imodzi ngati ya 1/x. Imadutsa pa ziro penipeni pa π, 2π, 3π mpaka kalekale, koma mapiri ake amanka nafupika, zigwa zake n'kumakwiririka.

Nanga ku ziro chimasiyana n'chiyani? Kumeneko wapamwamba ndi wapansi onse akuchepa limodzi, n'chifukwa chake timakumana ndi 0/0, imene payokha sitiuza kanthu. Tiyenera kuona kuti akuchepa pa liwiro lotani. x akakhala wamng'ono kwambiri, sin x amangotsala pang'ono kufanana ndi x: sin 0.1 ndi 0.0998, mukagawa ndi 0.1 mupeza 0.998. Kupanikiza kuliponso, koma opanikiza ake ndi ena. Pafupi ndi ziro,

cos x < sin x / x < 1

ndipo cos x akupita ku 1. Malire aja a −1/x ndi 1/x kuno sathandiza, chifukwa x akamachepa iwo amatalikirana m'malo moyandikirana. Kumbukiraninso kuti 1 ameneyu ndi wa marediyani. Mukawerengera x m'madigiri, limiti ya ku ziro imakhala π/180, pafupifupi 0.01745. Ya ku ∞ ilibe nazo ntchito zimenezo, imakhalabe 0.

Awiri mwa inu munayesa lamulo la L'Hôpital, n'kupeza cos x / 1, kenako n'kulemba kuti limiti palibe. Mwandigwira mtima chifukwa munaganizako, koma mwaphonyabe. N'zoona kuti cos x alibe limiti ku ∞. Izi zikungosonyeza kuti lamulolo lakanika kukuthandizani pano, sizikutanthauza kuti sin x / x nayenso alibe limiti. Ndiponso apa panalibe 0/0 kapena ∞/∞ ayi, poti sin x sakupita ku ∞. Munatenga nkhwangwa pofuna kudula tomato.

Loweruka likubwerali mubwere mutayankha ili: limiti ya x · sin(1/x) pamene x → ∞. Musathamangire kulemba 0 chifukwa choti lero mwamva 0. Lembani t = 1/x, mudzifunse kuti t akupita kuti, kenako muone chimene chatsala papepalapo. Tiyamba 8 koloko, kaya kuzizire bwanji.

Ndine mphunzitsi wanu wa masamu,
Bambo Kachingwe