Kwa Mayi Mbewe: kuthokoza chifukwa cha kaundula wa makasitomala

Mayi Mbewe,

Abwana athu anapempha kuti kumapeto kwa miyezi itatu ino aliyense wa m'gulu lathu alembe mawu othokoza mnzake mmodzi. Ine ndasankha inu, ndipo kope la kalatayi ndawapatsa kuti lilowe m'fayilo yanu. Ndikudziwa kuti simukonda kutchulidwa pagulu, n'chifukwa chake ndawapempha kuti asaiwerenge pamsonkhano wa Lolemba pokhapokha inuyo mutavomera. Ndilemba zokhazo zimene ndaona ndi maso anga, kapena zimene ndazipeza zolembedwa m'mafayilo athu.

Ndiyambe ndi kaundula wa makasitomala, poti ndi amene amandikhudza kwambiri. Mukudziwa kuti lipoti la pamwezi ndimalemba ndine, ndipo manambala onse ndimawatenga m'fayilo ija ya Excel imene anthu asanu ndi mmodzi timalembamo. Chaka chatha lipotili linkanditengera masiku awiri. Tsiku loyamba linkathera pa kufufuza chifukwa chimene maoda ena sakugwirizana ndi mayina a eni ake. Fomula ya `VLOOKUP` inkangobweza `#N/A` pa mizere yambirimbiri, chonsecho dzina la kasitomala likuoneka bwinobwino pa sikirini. Ndinkakonza mzere umodziumodzi ndi manja, mwezi wotsatira n'kuyambiranso.

Mu Febuluwale ndinamaliza lipoti nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Mu Marichi chimodzimodzi. Poyamba ndinkangoganiza kuti anzathu ayamba kulemba mosamala. Nditatsegula mbiri ya fayiloyo m'pamene ndinaona dzina lanu Lachisanu lililonse, cha m'ma 4 koloko madzulo, masabata khumi ndi anayi otsatizana. Nditakufunsani munandionetsa vuto lake pa mzere umodzi: munthu akamalemba dzina n'kudina batani la mpata kamodzi kumapeto, maso saona kusiyana kulikonse, koma kompyuta imaliona ngati dzina lina. Munali mutaika kolamu yapadera pambali yokhala ndi fomula iyi, yochotsa mipata yoteroyo:

```
=TRIM(B2)
```

Kenako n'kumayerekeza zotuluka ndi zimene zinalembedwa, mzere ndi mzere. Ena akhoza kunena kuti ndi kafomula kakang'ono kamene aliyense akanatha kukapeza. N'zoona. Koma tonse asanu ndi mmodzi tinakhala ndi vutoli chaka chathunthu, ndipo amene anakhala pansi n'kufunsa kuti likuchokera kuti ndi inu.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi mmene munachitira ndi mayina obwerezedwa. Munapeza makasitomala 63 amene analembedwa kawiri, ena katatu, chifukwa wina analemba dzina lonse, wina chidule, wina n'kuphonya chilembo chimodzi. Pulogalamuyi ili ndi batani lakuti `Remove Duplicates`, koma ilo limangochotsa mizere yofanana ndendende n'kusiya woyamba, osafunsa kuti wolondola ndi uti. Inu simunalidalire. Munasamutsira mizere yokayikitsayo patsamba lina, osafufuta ngakhale umodzi, ndipo pa uliwonse munalemba chifukwa chimene mukuganizira kuti ndi munthu mmodzi: nambala ya foni ndi yofanana, kapena adiresi ndi yomweyo. Pa mayina asanu ndi awiri simunatsimikize, ndiye munaimba foni n'kufunsa. Awiri mwa iwo anapezeka kuti ndi anthu osiyana a dzina limodzi. Akanaphatikizidwa, ngongole ya wina ikanalembedwa pa mnzake, ndipo amene akanalandira foni ya kasitomala wokwiyayo ndi anzathu a Phiri, osati inu kapena ine. A Phiri sakudziwa n'komwe kuti panali foni yoteroyo imene siinabwere.

Za manambala a foni ndingotchula mwachidule. Excel imadula ziro woyambirira ikaona ngati zimene zalembedwazo ndi nambala yowerengera, ndipo madalaivala ankanyamuka ndi mapepala okhala ndi manambala operewera. Munasintha kolamu yonseyo kukhala `Text`, n'kubwezeretsa maziro amene anasowa. Kuyambira pamenepo sindinamvenso dalaivala akuimba ku ofesi ali panjira kuti timuwerengere nambala.

Pa nkhani ya madeti sitinagwirizane poyamba, ndipo ndikufuna zilembedwe kuti inu ndi amene munkanena zoona. Munapempha kuti tonse tizilemba deti poyamba chaka, kenako mwezi, kenako tsiku. Ine ndinatsutsa pamsonkhano, ndinati tikungodziwonjezera ntchito. Simunalimbane nane pamaso pa anthu. Tsiku lotsatira munabwera pa desiki yanga ndi pepala losindikiza, mutazunguliza ndi pensulo maoda anayi olembedwa kuti 03/04. Awiri anali a pa 3 Epulo, awiri enawo a pa 4 Marichi, malinga ndi mmene kompyuta ya amene analemba inatcheredwa. Maoda awiri a Marichi aja ndinali nditawawerengera mu lipoti la Epulo. Munaika pepalalo patebulo, n'kundisonyeza ndi chala pamene panali vuto, n'kufunsa ngati ndikufuna kuti tikonzere limodzi kapena ndikonza ndekha. Panalibe wina amene anamva. Ndinakonza, ndinatumizanso lipotilo ndi mawu ofotokoza, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo. Ndakhalapo m'malo ena antchito kumene kulakwitsa kotere kumakhala nkhani ya sabata yonse, ndiye ndikudziwa kufunika kwa zimene munachitazo.

China chimene ndikufuna kuti abwana adziwe ndi cha mafayilo athu osungira. Tonse tinkadziwa kuti kompyuta imakopera kaundula usiku uliwonse, ndipo tinkagona tulo. Inu mumati kope limene sunalitsegulepo sungalidalire, ndiye sabata yoyamba ya mwezi uliwonse mumatenga kope limodzi, kulitsegula pamalo ena, n'kuwerenga ngati mizere yake ikufanana ndi ya m'kaundula weniweni. Mu Marichi munapeza kuti kukoperako kunali kutaima masiku asanu ndi anayi chifukwa malo osungira anadzaza. Munadziwitsa a zamakompyuta m'mawa womwewo, ndipo pofika madzulo zinali zitakonzedwa. Palibe chimene chinatayika. Sindikunena kuti munapulumutsa kampani, chifukwa m'masiku amenewo palibe chimene chinawonongeka. Ndikungonena kuti kwa masiku asanu ndi anayi tinalibe pothawira, ndipo amene anazindikira ndi inu, chifukwa chakuti munali ndi chizolowezi choyang'ana pamene palibe anakutumani.

Mutapita kutchuthi masabata awiri mu Epulo, munandisiyira masamba atatu olembedwa. Ndawasunga. Simunalembemo zinthu zimene aliyense akudziwa kale. Munalemba kuti kasitomala wakutiwakuti amafuna invoisi yake pa imelo komanso papepala, ndipo akapanda kulandira yapepalayo salipira. Munalemba kuti oda ikabwera Lachinayi madzulo, ndiyambe ndafunsa kosungira katundu ndisanalonjeze tsiku, chifukwa Lachisanu m'mawa amakhala akuwerenga katundu. Pansi penipeni munalemba zinthu ziwiri zimene simunathe kumaliza, ndi pamene munalekezera, mosabisa. Masabata awiriwo sindinakuimbireni foni ngakhale kamodzi, ndipo si chifukwa chakuti ndinkadziwa zonse. Nthawi iliyonse imene ndinkafuna kufunsa, ndinkapeza yankho lili kale pamasambapo. Kamodzi kokha ndinasowa pogwira, pa kasitomala amene anabweza theka la katundu, ndipo ndinadikira kuti mubwere. Mutabwera munawonjezera ndime imeneyo pa masamba aja tsiku lomwelo.

Ndaonanso mmene mwamulandirira Chikondi chiyambireni ntchito mwezi wathawu. Mumakhala pambali pake, manja anu ali pamiyendo, iye ndi amene akugwira mausi. Akasochera mumadikira kaye kuti ayese yekha. Tsiku lina ndinamumva akufunsa funso lomwelo kachitatu, inu n'kuyankha ndi mawu omwe aja, mosakweza, kenako n'kumuuza kuti alilembe m'kabuku kake m'mawu akeake. Sabata yatha anapeza yekha nambala ya ndalama imene inalowa ngati mawu, imene `SUM` inkangoidumpha mwakachetechete, ndipo anabwera kudzandionetsa akumwetulira. Nditamufunsa kuti anadziwa bwanji, anati munamuphunzitsa kuyang'ana mbali imene nambala yatsamira m'kabokosi: yeniyeni imatsamira kumanja, yolowa ngati mawu imatsamira kumanzere. Ine ndagwira ntchito ndi pulogalamuyi zaka zambiri ndipo ndinali ndisanaganizepo zophunzitsa munthu mwanjira yosavuta chonchi.

Pali chimodzi chimene chikundivuta mumtima. Ntchito yonseyi mulibe m'ndandanda wa ntchito zanu. Udindo wanu ndi kulandira maoda ndi kulemba mainvoisi, ndipo zimenezo mumazichita mokwanira. Ola la Lachisanu lija mumalipeza pofupikitsa nthawi yanu yopuma, ndipo kawiri konse ndakusiyani mu ofesi ena tonse tikutuluka. Pamisonkhano timayamikira amene wapeza kasitomala watsopano kapena amene wazimitsa moto utabuka kale, ndipo n'koyenera kutero. Koma pa miyezi itatu yapitayi dzina lanu silinatchulidwepo, ndipo inenso, amene ndapindula kwambiri ndi ntchito yanu, ndinakhala chete. Pepani kuti ndachedwa kunena.

Choncho pamwamba pa kuthokoza ndapempha abwana zinthu ziwiri, ndipo ndikufuna mudziwe asanakufunseni. Choyamba, kuti kusamalira kaundula kulembedwe ngati gawo la ntchito yanu, ndi nthawi yake m'kati mwa maola antchito, kuti kudzawerengedwe akamadzaunika ntchito yanu kumapeto kwa chaka. Chachiwiri, kuti isakhale ya munthu mmodzi. Ndadzipereka kutenga Lachisanu limodzi pa awiri alionse, ngati mungandionetse mmene mumachitira, ndipo Chikondi wati akufuna kukhala nafe kuti aphunzire. Ngati mukuona kuti pali njira ina yabwino yogawanirana, kapena simukufuna kuti zisinthe, ndiuzeni ndipo ndikabweza pempholi.

Zikomo kwambiri, Mayi Mbewe. Lachisanu likubwerali ndidzakhala pa desiki yanu 4 koloko ndi kabuku kanga.

Ndine mnzanu pantchito,
Limbani